Mnzanu wa ku Mangalande wakuitanani ku ukwati: muyankha bwanji?

Kwathu kuno khadi la ukwati limabwera kudzatidziwitsa. Ukalilandira umaliika pakati pa Baibulo kapena pamwamba pa kabati, n'kuyamba kusunga ndalama zing'onozing'ono za perekaniperekani. Tsiku likafika umanyamuka, mwina ndi mlamu wako amene wangofika dzulo kuchokera kumudzi, ndipo palibe amene angakufunse pakhomo kuti awa ndi ndani. Akomiti ya ukwati amadziwa kale kuti anthu adzachuluka kuposa makhadi amene anagawa, choncho amayi ophika amaonjezera mpunga.

Ku Mangalande khadi la ukwati limabwera kudzafunsa, ndipo amene analitumiza akudikira yankho. Maukwati ambiri kumeneko amachitikira ku hotelo kapena ku nyumba zobwereketsa zochitiramo maphwando, komwe amalipiritsa powerenga anthu. Mlendo aliyense ali ndi mpando wake patebulo lodziwika, ndipo kapepala ka dzina lake amakaika pafupi ndi mbale yake. Eni malowo amafuna chiwerengero chotsiriza cha alendo kudakali masabata angapo ukwati usanachitike, ndipo akachilandira, ndalama za mbale iliyonse zimalipidwa, kaya mwini mbaleyo wabwera kaya sanabwere. Chipinda chomwecho chimakhala ndi malire a anthu amene chimaloledwa kulandira. N'chifukwa chake okwatirana amavutika kwa miyezi kusankha woti amuitane ndi woti amusiye. Ngati dzina lanu lalowa pamndandandawo, dziwani kuti pali msuweni wina kapena mnzawo wa kuntchito amene watsala kuti inu mupeze malo.

Mukamvetsa zimenezi, mudzaona kuti Chingerezi chokoma si chimene mnzanuyo akuchifuna kwambiri. Iye akufuna kumva mawu amodzi omveka, inde kapena ayi, pa nthawi yake, onena za anthu okhawo amene wawaitana. Zina zonse m'kalatayo n'zongokometsa.

Poyamba werengani khadilo modekha

Pansi pa khadi mudzaona zilembo zinayi, RSVP, zotsatana ndi tsiku. Zilembozi n'zofupikitsa mawu a Chifalansa opempha kuti muyankhe, ndipo tsikulo ndi lomaliza loti yankho likhale litafika. Pamakhalanso njira yoyankhira: keyala ya positi, imelo, nambala ya foni, kapena tsamba la pa intaneti limene okwatiranawo anatsegula. Yankhani kudzera m'njira imene akuuzaniyo. Ngati anena kuti muyankhe patsamba lawo koma inu mwangotumiza uthenga wamawu pa WhatsApp, dzina lanu likhoza kusowa pamndandanda, chifukwa tsambalo ndilo likuwerenga anthu. Uthenga wa pa WhatsApp mukhoza kuutumiza pambuyo pake ngati moni wa paubwenzi.

Kenako onani mayina amene alembedwa pa envulopu kapena pakhadi penipeni. Oitanidwa ndi okhawo amene atchulidwa. Ngati palembedwa dzina lanu lokha, akazi anu kapena amuna anu sanaitanidwe, ngakhale kwa ife zimenezi zimamveka zachilendo ndithu. Ngati pambali pa dzina lanu palembedwa kuti "and guest", mwaloledwa kubwera ndi munthu mmodzi, ndipo poyankha mutchule dzina lake lonse kuti alilembe patebulo. Ana nawonso amabwera pokhapokha atatchulidwa mayina kapena pakalembedwa kuti "and family". Maukwati ena amanena poyera kuti ndi a akuluakulu okhaokha.

Onaninso kuti mwaitanidwa ku gawo liti. Ukwati wa Chingerezi nthawi zambiri umakhala ndi mwambo womangitsa ukwati, kenako chakudya chachikulu chimene amachitcha "wedding breakfast" ngakhale chimadyedwa masana kapena chakumadzulo, kenako phwando la usiku lovina. Alipo alendo amene amaitanidwa ku phwando la usiku lokha, ndipo khadi lawo limanena kuti "evening reception". Mnzanu woitanidwa kuchokera kutali ngati ku Malawi kawirikawiri amamuitana ku zonse, koma ndi bwino kutsimikiza musanayambe kuwerengera ndalama za ndege. Pali kakhadi kenanso kamene kamatsogola miyezi yambiri ukwati usanafike, kolembedwa kuti "Save the date". Ako n'kongochenjeza kuti tsikulo mulisunge, ndipo khadi lenileni likubwera m'mbuyo. Kwa munthu wofunika viza, kakhadi kameneka ndi belu loti ayambe kuyang'ana ngati pasipoti yake idakali ndi moyo.

Yankho lifanane ndi kalembedwe ka khadilo

Makhadi ena amalembedwa mwa chikale, m'dzina la makolo a mkwatibwi, ndi mawu onga akuti "request the pleasure of your company at the marriage of their daughter". Khadi lotere, ngati mulibe kakhadi koyankhirapo, limayankhidwa mwa chikale momwemo, monga mmene mabuku a makhalidwe a ku Mangalande, onga a Debrett's, amafotokozera. Mumalemba pamanja, keyala yanu pamwamba, ndipo mumadzitchula ndi dzina ngati mukunena za munthu wina. Simuyamba ndi "Dear" ndipo simusayina pansi. Kalatayo imapita kwa amene akuitanani, ndiye kuti makolowo. Pamene pali mzere muikepo mayina:

"Miss ____ thanks Mr and Mrs ____ for their kind invitation to the marriage of their daughter ____ on Saturday 11 July, and has much pleasure in accepting."

Ngati simupita, chiyambi chimakhala chomwecho, mumangosintha kumapeto kuti "but regrets that she is unable to attend". Mwamuna alembe "he" m'malo mwa "she", ndipo banja lilembe "thank", "have" ndi "they are". Kubwereza tsiku la ukwati m'yankho kuli ndi ntchito yake: ngati munaliwerenga molakwika, eni ake aona msanga n'kukukonzani.

Masiku ano makhadi ambiri amachokera kwa okwatirana eni ake, ndipo amalembedwa momasuka. Ambiri amabwera ndi kakhadi koti muchongepo, kapena tsamba lokhala ndi malo awiri oti musankhe, monga "Accepts with pleasure" ndi "Declines with regret". Mukachonga, musaiwale kulemba dzina lanu, poti kakhadi kopanda dzina sikathandiza aliyense. Ndipo popeza amene wakuitananiyo ndi mnzanu, onjezerani uthenga waufupi wochokera pansi pa mtima. Kumuyankha mnzanu wapamtima ndi kalata ya chikale ija yokha kungamveke ngati mwamukwiyira.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tinene kuti ndinu namwino ku Zomba. Zaka zingapo zapitazo munagwira ntchito ndi namwino wina wa ku Mangalande amene anabwera kudzathandiza kwa chaka chimodzi, ndipo ubwenzi unapitirira. Pakati pa Malichi mwalandira imelo yokhala ndi khadi: ukwati udzachitika Loweruka pa 11 Julaye, ndipo yankho lifike pasanadutse pa 30 Epulo. Pakhadi pali dzina lanu lokha.

Mtima ukufuna kupita, koma Mmalawi salowa m'dziko la Britain popanda viza. Mlendo wa ku ukwati amapempha viza ya alendo wamba, imene patsamba la boma la GOV.UK imatchedwa Standard Visitor. Samalani kuti musasankhe Marriage Visitor, chifukwa imeneyo ndi ya munthu amene akupita kukakwatira kapena kukakwatiwa iye mwini. Pempho la viza limaloledwa kuyambira miyezi itatu tsiku la ulendo lisanafike, ndipo yankho limatuluka kawirikawiri pakatha masabata atatu kuchokera pamene mwakajambulitsa nkhope ndi zala. Ngati mukufuna kunyamuka pa 8 Julaye, tsiku loyamba limene mungapemphe ndi 8 Epulo. Mukawonjezera masiku odikira kuti mupeze malo okajambulitsa, mudzaona kuti yankho la viza likhoza kufika pa 30 Epulo patadutsa kale. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, n'kungokhala chete podikira kuti adzayankhe zonse zikadziwika.

Kukhala chete ndiko kulakwa kwakukulu. Mnzanuyo sadziwa ngati imelo inafika, sadziwa ngati mwakhumudwa, ndipo mpando wanu sangaupereke kwa wina. Chimene muyenera kuchita n'kuyankha sabata yomweyo, kunena zoona zake, n'kuika tsiku limene mudzapereke yankho lotsiriza:

"Dear ____, congratulations to you both, and thank you so much for inviting me. I would love to come. I need a visa, and the earliest I can apply is 8 April, so I may not have the decision by 30 April. Could I give you my final answer by 15 May? If you need to know sooner, please tell me and I will completely understand."

Taonani mmene uthengawu wayendera. Wayamba ndi mafuno abwino ndi kuthokoza. Wanena kuti mukufuna kubwera. Watchula chopinga chimodzi chenicheni pamodzi ndi masiku ake. Wapempha tsiku lodziwika. Chiganizo chomaliza chikumumasula mnzanuyo kuti akhoza kukana popanda manyazi, poti mwina eni hotelo amuikira malire amene sangathe kuwasuntha. Mwezi muulembe ndi mawu monga mmene talembera pamwambapa. Mukalemba 11/07, Mngelezi awerenga kuti 11 Julaye, koma ngati mkwati ndi wa ku Amereka, abale ake awerenga kuti 7 Novembala.

Mu uthenga wotsatira mukhoza kupempha kalata yokuitanani yoti muiphatikize pa pempho la viza, yotchula tsiku ndi malo a ukwati, mmene munadziwirana, ndi kumene mukagone. Pempho limeneli n'lachizolowezi ndipo silidabwitsa. Koma musagule tikiti ya ndege viza isanatuluke, ndipo dziwani kuti akakukanizani, ndalama zimene munalipira popempha sizibwezedwa.

Viza ikatuluka, lembani tsiku lomwelo:

"Good news: my visa has come through, and I am delighted to accept. I will be there on 11 July. It will be just me. I don't eat pork, but everything else is fine."

Chiganizo chonena za chakudyacho musachione ngati chamwano. Kwathu mlendo sauza mwininyumba zoti aphike, koma kumeneko khadi limafunsa lokha za "dietary requirements", chifukwa mbale zimakonzedwa powerenga mayina. Msilamu kapena wa mpingo wa Seventh Day amene sadya nkhumba, munthu amene thupi lake limadana ndi mtedza, wodwala shuga amene amasala zina, onsewa anene pamenepa. Mukakhala chete chifukwa cha ulemu, mudzakhala ndi njala patebulo, ndipo eni ukwati adzamva chisoni kuti simunawauze. Ngati akupatsani zakudya ziwiri kapena zitatu kuti musankhepo, sankhani chimodzi, osayankha kuti chilichonse.

Kukana ndiko kumatipweteka

Kunena zoona, ambiri mwa ife tikalandira khadi lotere sitingathe kupita. Tikiti ya ndege, viza, malo ogona ndi sitima ya pamtunda yokafikira ku tawuni ya ukwatiyo zimadya malipiro a miyezi yambiri. Mnzanuyo akudziwa zimenezi. Kawirikawiri amakuitanani kuti mudziwe malo amene muli nawo mumtima mwake, ndipo sangadabwe mukalephera.

Vuto limabwera chifukwa cha kaleredwe kathu. Tinaphunzitsidwa kuti kumuuza munthu kuti ayi pamaso n'kupanda khalidwe, choncho timati "tiona", "tiyesetsa", "Mulungu akalola". Mmalawi mnzathu akamva mawu amenewa amadziwa kuwayeza, ndipo nthawi zambiri amazindikira kuti munthuyu sabwera. Koma mukalemba kuti "I will try my best to come", Mngelezi amamva kuti pali chiyembekezo, ndipo akusungirani mpando umene adzaulipire. Mukadzapanda kuoneka, chimene chidzamupweteke si ndalama zokha, koma kuti munadziwa kale ndipo simunamuuze. Ulemu umene munafuna kumupatsa umasanduka chipongwe. Ineyo ndimaona kuti kukana momveka ndi mwachangu ndi mphatso yeniyeni kwa munthu amene akukonza ukwati, chifukwa kumamupatsa nthawi yoitana wina amene anamusiya monyinyirika.

Uthenga wokana ukhoza kukhala wotere:

"Dear ____, thank you so much for inviting me to your wedding. It means a great deal that you thought of me. I am very sorry that I won't be able to come, as the journey from Malawi is more than I can manage this year. I will be thinking of you both on 11 July, and I wish you a wonderful day and a very happy life together. Please send photos! With love, ____"

Mawu amene anyamula uthenga wonsewu ndi akuti "I won't be able to come". Sasiya khomo lotsegula, komabe si aukali, chifukwa akunena kuti simungathe, osati simukufuna. Kupepesa kwachitika kamodzi, ndipo kamodziko n'kokwana. Chifukwa chaperekedwa m'mawu ochepa. Apa ndi pamene ambiri timatalikitsa: timayamba kufotokoza za kugwa kwa kwacha, fizi ya ana, matenda a amayi, feteleza amene sitinagule. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma mu kalata yoyankha ukwati zimasandutsa chimwemwe cha mnzanu kukhala nkhani ya mavuto anu, ndipo iye akhoza kumva ngati mukumupempha ndalama mozungulira. Mukhozanso osapereka chifukwa n'komwe, ndipo palibe amene angakuoneni molakwika. Chimene simuyenera kuchita n'kupeka chifukwa chabodza, monga maliro kapena ntchito, poti mnzanuyo akhoza kuyesa kukuthandizani kuchotsa chopingacho, inu n'kusowa chonena.

Nanga ngati mukanapita akanakuthandizani tikiti? Nkhani imeneyi isalowe m'yankho. Ku Mangalande mlendo amadzilipirira yekha ulendo ndi malo ogona, pokhapokha ngati eni ukwati anena okha kuti alipira. Chiganizo chija chakuti ulendo wakukulirani chaka chino chanena zokwanira. Ngati mnzanuyo ali ndi mtima ndi thumba lothandizira, ayambitsa yekha nkhaniyo, ndipo pamenepo mukhoza kukambirana momasuka. Chimodzimodzi ndi zobwera ndi mwamuna kapena mkazi wanu amene sanatchulidwe: musangolengeza kuti "I will come with my husband". Ngati mukuganiza kuti anangoiwala, funsani modzichepetsa kuti "May I check whether the invitation is just for me?", ndipo mulandire yankho lililonse limene abwere nalo.

Pali timawu tina timene tinazolowera m'makalata a kusukulu ndi a kuofesi timene sitikhala bwino mu uthenga wotere. "Dear Madam" ndi "Yours faithfully" n'za kalata yofunsira ntchito. Kwa mnzanu lembani dzina lake loyamba, ndipo mutsirize ndi "With love" kapena "Warmest wishes". Ngati mukumudziwa mmodzi yekha mwa okwatiranawo, tchulanibe onse awiri, ndipo dzina la winayo mulikopere pakhadi chilembo ndi chilembo. Mawu achikhulupiriro, monga kuwafunira madalitso a Mulungu, ali bwino ngati mukudziwa kuti mnzanuyo amapemphera kapena amadziwa kuti inu mumatero. Maukwati ambiri kumeneko samangidwa m'tchalitchi, choncho chiganizo chimodzi n'chokwana, osasandutsa kalatayo ulaliki. Malangizo a m'banja asiyireni ankhoswe a kwathu.

Zinthu zikasintha mutayankha kale

Zimachitika kuti munavomera, kenako viza yakanidwa, kapena kwagwa zovuta pakhomo. Musadikire kuti mtima ukhale kaye pansi. Muuzeni mnzanuyo tsiku lomwelo, ndipo ngati ukwati wayandikira, muimbireni foni kenako mulembenso: "I am so sorry. My visa was refused, so I can no longer come. I wanted to tell you straight away." Tsiku lililonse limene mwachedwa likhoza kukhala limene akanatha kuchotsa mbale yanu pa bilu. Mukakhala kuti munakana koma mwayi wapezeka, musangotulukira. Funsani ngati malo adakalipo, ndipo mukauzidwa kuti adzaza, musakhumudwe.

Za mphatso, amene wakana sakakamizidwa kutumiza kanthu. Okwatirana ambiri amaika mndandanda wa mphatso patsamba lawo kapena amapempha kandalama kothandizira ulendo wawo wa pambuyo pa ukwati, koma zimenezo kwenikweni n'za obwera. Khadi lolemba pamanja limakwanira, ndipo mulitumize kudakali masabata angapo chifukwa positi yochokera kuno imatenga nthawi. Ngati mnzanuyo anakhalapo m'Malawi, chitenje chabwino, paketi ya khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa ku Thyolo zimamusangalatsa kuposa chinthu chodula chimene akanatha kugula yekha kwawo. Mukapeza munthu wodalirika amene akupita kumeneko, mupatsireni, koma mumuuze kuti akatumize ku nyumba ya mnzanuyo ukwati usanafike kapena utapita, osati kukapereka yekha pamalo a phwando pamene dzina lake palibe.